Pepala la lendi lolembedwa m'Chingerezi: zomwe mukusainira ndi komwe dipoziti imathera

Landilodi akakupatsani pepala la mgwirizano wa lendi n'kuloza posaina, dziwani kuti mukangosaina kapena kudinda chala, zonse zolembedwamo zakumangani, kaya mwaziwerenga kaya ayi. Kukhoti mawu akuti "Chingerezi chinandivuta" sapulumutsa munthu, pokhapokha mutaonetsa kuti amene anakumasulirani anakunamizani, ndipo umboni wa zimenezo ndi wovuta kuupeza. Komanso zimene munagwirizana pakamwa muli chiimire pakhonde, monga zakuti akonza denga mvula isanayambe, zimasowa mphamvu ngati pepala likunena zina. N'chifukwa chake palibe manyazi kunena kuti, "Bambo, ndiloleni nditenge pepalali, ndibwera nalo mawa." Mwini nyumba wachilungamo sakana zimenezi. Wokana ndi wokukakamizani kusaina pomwepo wakupatsani kale chifukwa chokayikira.

Mapepala ambiri a lendi amene amayenda muno mu Zomba amafanana, chifukwa anthu amangokoperana n'kusintha mayina ndi ndalama. Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi choyerekeza, tiyende nacho mpaka tsiku lotuluka. Nyumba ndi ya zipinda ziwiri zogona ku Matawale. Lendi ndi K150,000 pamwezi, yolipiriratu miyezi itatu itatu. Dipoziti ndi ya mwezi umodzi. Mgwirizano ndi wa chaka, kuyambira pa 1 Malichi mpaka kumapeto kwa Febuluwale. Ndalamazi ndi zachitsanzo chabe. Inu muikepo zanu.

Yambani ndi manambala

Manambala alibe chilankhulo, choncho musanafune womasulira mungathe kuona nokha zambiri. Pezani nambala ya puloti, tsiku loyamba ndi lomaliza, lendi ya pamwezi ndi dipoziti. Mu chitsanzo chathu, tsiku lolowa mutulutsa K450,000 ya miyezi itatu kuphatikiza K150,000 ya dipoziti, zonse pamodzi K600,000. Apa pali msampha woyamba. Ngati lisiti ingonena kuti mwapereka K600,000 osagawa, tsiku lotuluka mwini nyumba angathe kunena kuti yonseyo inali lendi ya miyezi inayi ndipo dipoziti simunapereke. Pemphani kuti lisiti ilembe ndalama ziwirizi padera, ina lendi ya Malichi, Epulo ndi Meyi, ina dipoziti.

Onaninso dzina la amene walembedwa ngati mwini nyumba. Nthawi zambiri amene akukuonetsani nyumba ndi ejenti, mwana wa mwini wake, kapena wachibale wosiyiridwa makiyi mwini ali ku Lilongwe kapena ku Joni. Zimenezi si zolakwika, koma pepala linene kuti iyeyo akusaina m'malo mwa yani, ndipo mulankhule ndi mwini weniweniyo ngakhale pafoni. Funsaninso anansi kuti nyumbayi ndi ya ndani. Ndalama ya ejenti si lendi ndiponso si dipoziti, ndipo siyibwezedwa. Ngati muzilipira pa Airtel Money, pa Mpamba kapena kubanki, nambala yolandirira ilembedwe m'pepalalo, ndipo mauthenga otsimikiza kuti ndalama yapita muziwasunga. Munthu wina akadzati "mwezi uno tumizani kwa ine", musatumize mwini nyumba asanakuuzeni polemba.

Pamzere wa lendi funsani womasulira funso limodzi lina: kodi pepalali likumulola mwini nyumba kukweza lendi chaka chisanathe? Ngati palibe mawu otero, K150,000 ikhala yomweyo mpaka Febuluwale, ngakhale mitengo ya simenti ikwere. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nkhani yokweza lendi inavuta m'matauni, ndipo wotetezeka anali amene pepala lake linatchula ndalama ndi nthawi momveka. Ngati mawu olola kukweza alipo, aonetse kuti akudziwitsani kwatsala nthawi yaitali bwanji. Mawu akuti angakweze nthawi ina iliyonse imene wafuna ndi oyenera kuwakana.

Za inu ndi za mwini nyumba

Pakati pa pepala pamakhala ndime ziwiri zazitali. Yoyamba ndi malonjezo a wobwereka nyumba, ndipo imakhala yaitali kuposa inzake chifukwa wolemba pepala ndi mwini nyumba. Mwachidule imati mulipira lendi pa tsiku lake, mulipira madzi ndi magetsi, musamala m'kati mwa nyumba, simugumula kapena kumanga chilichonse popanda chilolezo, simusokoneza anansi, mugwiritsa ntchito nyumbayo pogona basi, ndipo simubwereketsa kwa wina. Ziwiri zomalizazi anthu amazithyola osadziwa. Kutsegula kagolosale pawindo, kuweta nkhuku zogulitsa kuseri, kapena kuika ophunzira a ku yunivesite m'chipinda chimodzi kuti azikuthandizani lendi, monga zimachitikira ku Chikanda ndi madera oyandikira, zonsezi zingapatse mwini nyumba chifukwa chothetsera mgwirizano. Ngati mukudziwa kuti mudzachita chimodzi mwa izi, nenani poyamba ndipo chilolezo chilembedwe.

Ndime ya mwini nyumba imati akusiyani mukhale mwamtendere malinga mukulipira, ndipo akonza zikuluzikulu: denga, makoma, maziko, mapaipi akuluakulu, mawaya a magetsi a m'khoma. Msonkho wa nyumba wa ku khonsolo ya mzinda ndi lendi ya malo kawirikawiri zimakhala zake, koma onetsetsani kuti sanazisunthire m'ndime yanu. Ali ndi ufulu wodzayendera nyumba, inde, koma masana ndiponso atakudziwitsani, osati kungotsegula ndi kiyi wake inu muli kuntchito.

Za madzi ndi magetsi zimafuna maso pa tsiku lolowa lenilenilo. Mita ya madzi imakhala m'dzina la mwini nyumba, ndipo a Wotabodi akamadzadula madzi chifukwa cha ngongole safunsa kuti anamwa ndani. Pemphani bilu yomaliza muone ngati pali zotsalira, ndipo lembani manambala amene mita ikuonetsa tsiku limenelo. Kumagetsi a mayunitsi, lembani mayunitsi amene mwawapeza. Ngati mita ndi imodzi pa puloti ya mabanja angapo, pepala linene kagawidwe kake, kaya ndi pa khomo kaya pa mutu, chifukwa pamenepa ndi pamene anansi amadana.

Mawu amene amasunga kapena kudya dipoziti

Dipoziti si mphatso ndipo si lendi. Ndi ndalama yanu imene mwini nyumba akusunga ngati chikole, kuti mukadzasiya ngongole kapena mukadzaononga kanthu adzadulepo. Yotsalayo iyenera kubwerera kwa inu. Pepala labwino limanena zinthu zimene angadulire ndi masiku amene ayenera kubweza mutatuluka. Ngati silikutchula masiku, pemphani alembepo ndi cholembera, kaya 14 kaya 30, ndipo nonse musaine pambali pake. Popanda tsiku, mumamva "tidikire alowe wina" mpaka mwatopa.

M'ndime yosamala nyumba muli chiganizo chimodzi chimene ndikufuna muchifufuze kuposa china chilichonse. Chimanena kuti mudzabweza nyumba monga munaipezera, kupatula kutha kwa zinthu kobwera ndi nthawi ndi kugwiritsa ntchito moyenera. Tanthauzo lake ndi lakuti nyumba yokhalamo anthu imakalamba, ndipo ukalamba umenewo si mlandu wanu. Penti kuzilala, simenti ya pansi kusalala podutsa anthu, mpopi kuyamba kudontha chifukwa kalabala kake katha, zimenezi ndi za mwini nyumba. Galasi losweka ndi mpira wa ana, chitseko chothyoledwa kiyi atatayika, khoma lakuda ndi utsi wa mbaula yoyatsira m'nyumba, sinki yong'aluka, zimenezi ndi zanu. Chiganizochi chikasowa m'pepala, mwini nyumba amapeza mpata wokulipiritsani ngakhale zoonongeka ndi ukalamba. Funsani womasulira kuti akulozereni pamene chili, ndipo ngati palibe, chiwonjezedwe.

Pafupi pomwepo mapepala ambiri ali ndi mawu ena akuti potuluka mudzapenta m'kati mwa nyumba. Anthu ambiri amawadziwa mawuwa tsiku lotuluka, dipoziti itapita kale. Ngati mwalowa m'nyumba yopentedwa kumene, lamuloli lili ndi nzeru. Koma ngati mwapeza makoma akuda kale, n'kulakwa kuti mudzasiye nyumba yokongola kuposa imene munalandira ndi ndalama yanu. Kambiranani musanasaine: mwina apente iye musanalowe, mwina mawuwo afufutidwe, mwina mupente inu polowa n'kudula pa lendi.

Zonsezi zimadalira umboni wa momwe nyumba inalili. Musanalowetse katundu, yendani chipinda ndi chipinda limodzi ndi mwini nyumba muli ndi pepala ndi cholembera. Lembani m'Chichewa momwemo: magalasi osweka angati, maloko ogwira ndi osagwira, makiyi angati mwalandira, masoketi akufa, chimbudzi ngati chikugujumula, siling'i ngati ili ndi mabala. Jambulani ndi foni, ndipo zithunzizo mumutumizire pa WhatsApp tsiku lomwelo kuti tsiku lioneke kumbali zonse ziwiri. Nonse musaine mndandandawo, aliyense atenge wake.

Ku Zomba kuno yang'anani kwambiri zizindikiro za madzi. Mvula imagwa yambiri mozungulira phiri, ndipo nyumba yooneka bwino mu Ogasiti imatha kukhala ina mu Januwale. Mabala achikasu pa siling'i amasonyeza kuti malata amadontha. Penti yofufuma kapena yosupuka m'munsi mwa khoma imasonyeza chinyontho chokwera kuchokera pansi. Tinjira ta dothi pa mafelemu a zitseko ndi chiswe. Zimenezi zikapanda kulembedwa polowa, potuluka zidzatchedwa zanu. Funsaninso zomwe pepala likunena nyumba ikaonongeka ndi moto kapena mvula yamkuntho mpaka kusakhalika. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anaonetsa kuti funsoli si lachabe. Pepala labwino limati lendi iima mpaka nyumba itakonzedwa, ndipo yomwe munalipiriratu ibwezedwa kapena isungidwira mtsogolo.

Kanthu kakaonongeka muli m'nyumbamo, muuzeni mwini nyumba polemba msanga. Denga likamadontha inu n'kukhala chete mpaka siling'i kugwa, angathe kunena kuti kuchedwa kwanu ndiko kwakulitsa vuto. Ndipo musasiye kulipira lendi pofuna kumukakamiza kukonza, ngakhale mtima ukuwawa. Mukatero wolakwa papepala mumakhala inu. Ngati mukufuna kukonza nokha n'kudula pa lendi, avomere kaye polemba, atchule ndalama, ndipo musunge malisiti a zipangizo ndi a mmisiri.

Notisi

Dipoziti yambiri imathera pa notisi kuposa pa magalasi. Tibwerere ku nyumba ya ku Matawale ija. Pepala likuti aliyense angathetse mgwirizano popereka notisi yolemba ya mwezi wathunthu wa pakalendala. Mwalipira pa 1 Sepitembala miyezi ya Sepitembala, Okutobala ndi Novembala. Kuntchito akusamutsirani ku Mzuzu, ndipo mukufuna kutuluka pa 30 Novembala. Pa 10 Novembala mwakumana ndi mwini nyumba pamsika n'kumuuza kuti, "Bambo, kumapeto kwa mwezi uno tikutuluka." Iye wangoti, "Chabwino, tamva." Inu mukuona ngati nkhani yatha, popeza simuli ndi ngongole.

Papepala nkhani sinathe. Choyamba, notisi ya pakamwa si imene munagwirizana, ndipo akaikana mulibe chogwira. Chachiwiri, ngakhale mukadalemba kalata pa 10 Novembala pomwepo, mwezi wathunthu wotsatira ndi Disembala, choncho mgwirizano ukadatha pa 31 Disembala. Mwini nyumba ali ndi ufulu wofuna K150,000 ya Disembala ngakhale inu muli kale ku Mzuzu, ndipo aitenga pa dipoziti. Kalata yomweyo ikadafika m'manja mwake pa 31 Okutobala kapena lisanafike tsikulo, mukadatuluka pa 30 Novembala opanda chodulidwa. Kusiyana kwa masiku 10 kwadya lendi ya mwezi wonse.

Pali china choopsa kuposa apa. Mapepala ena a chaka alibe n'komwe mawu olola kutuluka pakati. Ngati lanu ndi lotero, munalonjeza kulipira mpaka Febuluwale, ndipo mwini nyumba angafune Disembala, Januwale ndi Febuluwale, yonse K450,000. Kwa aphunzitsi, apolisi, asilikali ndi anamwino, amene kusamutsidwa kumabwera mosayembekezera, mawu olola notisi pakati pa chaka ndi ofunika kuwaona musanasaine. Zikakuchitikirani mulibe mawuwo, njira yabwino ndi kukambirana: pezani munthu wofuna kulowa, mwini nyumba amuvomere, ndipo alembe kuti wakumasulani kuyambira tsiku lakuti. Musangomusiyira munthuyo makiyi mwa inu nokha, chifukwa ngongole zake ndi zoononga zake zidzatsata dzina lanu.

Kalata ya notisi siifuna Chingerezi kapena loya. Ingakhale yotere: "Bambo, ndikukudziwitsani kuti ndidzatuluka m'nyumba yanu ya pa puloti nambala yakuti pa 30 Novembala, motsatira mgwirizano wathu. Ndikupempha kuti tsiku limenelo tidzayendere nyumba limodzi ndi kuwerengera dipoziti." Ikani tsiku, sainani, lembani ziwiri, ndipo iye asaine pa yanu kuti walandira. Akakhala kutali, ijambuleni n'kumutumizira pafoni, pokhapokha pepala litanena njira ina yoperekera. Musaganizenso kuti mwezi womaliza mungokhalira dipoziti osalipira lendi. Mapepala ambiri amaletsa, ndipo zimatheka pokhapokha iye atavomera.

Chaka chikatha inu n'kupitiriza kukhala, iye n'kumalandirabe lendi popanda pepala latsopano, mgwirizano sunafe. Kawirikawiri umapitirira ndi malamulo akale omwewo, koma tsopano ukuyendera nyengo ya kalipiridwe ka lendi, ndipo notisi siyenera kufupika kuposa nyengo imeneyo. Kwa wolipira pamwezi ndi mwezi wathunthu. Kwa wolipira miyezi itatu itatu pangabuke mkangano wakuti notisi ndi mwezi kapena miyezi itatu, choncho ndi bwino kulemba pepala latsopano chaka chikamatha.

Notisi imamanganso mwini nyumba. Sangakuuzeni Lachisanu kuti Lolemba mutuluke chifukwa mwana wake akukwatira. Ngakhale mutakhala ndi ngongole ya lendi, njira yake ndi kukuchenjezani, kenako kupita kukhoti, ndipo otulutsa munthu kapena kulanda katundu chifukwa cha lendi ndi masherifu okhala ndi chikalata, osati anyamata olembedwa ganyu. Kuzula chitseko, kusasula malata, kapena kutaya katundu panja kungamubweretsere iye mlandu. Koma musamve ngati ngongoleyo yafafanizika: khoti lidzakuuzani kuti mulipire, ndipo mwina mutuluke ndithu.

Kuwerengera pa tsiku lotuluka

Tinene kuti notisi munapereka bwino pa 31 Okutobala. Pa 30 Novembala mwatulutsa katundu, mwasesa, ndipo mukuyendera nyumba ndi mwini wake. Iye akutchula zodula izi: bilu ya madzi K18,000, galasi la pawindo K12,000, loko wa kuchipinda K15,000, siling'i ya pabalaza K40,000, ndi penti K90,000. Zonse pamodzi ndi K175,000, kutanthauza kuti dipoziti yatha ndipo akufuna muwonjezere K25,000.

Tengani chimodzichimodzi. Madzi munamwa ndinu, malinga biluyo ikuyambira pa manambala amene munalemba polowa. Galasi linali lathunthu pa mndandanda wolowera, ndiye ndi lanu. Loko munathyola kiyi atatayika, ndi wanunso. Zitatuzi ndi K45,000, ndipo muli ndi ufulu woona bilu ndi malisiti kapena mitengo yake. Siling'i ndi nkhani ina. Mndandanda ukuonetsa kuti inali ndi mabala pa 1 Malichi, ndipo pafoni pali uthenga umene munatumiza mvula itadontha. Denga ndi la mwini nyumba, choncho K40,000 isadulidwe pa dipoziti. Penti ikudalira pepala. Ngati muli chiganizo chija cha kutha kwa zinthu ndi nthawi, mulibe lamulo lopenta, ndipo makoma angozilala, simulipira, ndipo mulandira K105,000. Ngati munasainira kuti mudzapenta, K90,000 idulidwanso, mutsala ndi K15,000, ngakhale mungapemphe kugula penti ndi kupeza mmisiri nokha ngati zingatsike mtengo. Mukagwirizana, lembani zotsalazo ndi tsiku lobweza, jambulani mita, perekani makiyi onse, ndipo asaine kuti walandira. Osasunga kiyi poyembekeza dipoziti, chifukwa angathe kunena kuti nyumba simunaibweze n'kuwerengera lendi ina.

Wokumasulirani pepala akhale wanu, osati ejenti kapena wachibale wa mwini nyumba, ndipo amasulire ndime iliyonse, osangoti "n'zabwinobwino izi". Mungapemphenso kuti mfundo zikuluzikulu zilembedwe m'Chichewa n'kuphatikizidwa ku pepalalo nonse mutasaina. Mgwirizano sutaya mphamvu chifukwa cha chilankhulo. Musasaine pali mipata yosalembedwa, sainani tsamba lililonse, pakhale mboni ya mbali yanu, ndipo muchoke ndi pepala lanu losainidwa tsiku lomwelo.

Tsiku lobweza dipoziti likadutsa, lembani kalata yotchula ndalama yeniyeni, momwe mwawerengera, ndi tsiku lomaliza limene mukuyembekeza kulandira. Zikakanika, ambiri amayamba ndi mfumu ya dera kapena akuluakulu a mpingo, ndipo nthawi zambiri zimathera pomwepo. Zikapitirira, nkhani ya ndalama zotere imapita kukhoti la majisitireti, kumene mungadandaule nokha popanda loya ndipo mungalankhule Chichewa. Ofesi ya boma yothandiza pa milandu anthu osakwanitsa kulipira loya ilinso mu Zomba, ndipo mungakafunseko uphungu. Popita tengani mgwirizano, malisiti onse, mndandanda wa tsiku lolowa, kalata ya notisi yosainidwa, ndi foni imene ili ndi zithunzi ndi mauthenga.